Kalata ya umboni yochokera pa timanotsi ta bwana

Kalata ya umboni, yomwe m'maofesi ambiri imangotchedwa refelensi, ndi kalata imene olemba ntchito amalembera ena ofuna kulemba munthu yemwe adagwirapo ntchito kwa iwo, kuwauza mmene adamuonera. Amene amaisayina ndi bwana yemwe ankamuyang'anira munthuyo. Koma amene amakhala pansi n'kuilemba nthawi zambiri ndi wina: sekilitale, kalaliki, kapena ofesala woona za anthu ogwira ntchito. Bwana amangolemba timfundo pa kapepala, mwina kuseri kwa envulopu, n'kukapereka ali chiimire, amvekere, "Tandikonzereni kalata ya mayi aja." Motero kalata imodzi imadutsa m'manja mwa anthu awiri. Wina amamudziwa munthuyo koma alibe nthawi, ndipo winayo amadziwa kulemba koma mwina sadagwirepo naye ntchito. Mboni ndi bwanayo. Mlembi ntchito yake ndi kuika umboniwo m'mawu omveka, osauonjezera, osaufooketsa.

Mlembi asanagwire cholembera ayenera kudziwa chimene chapemphedwa, chifukwa pali zikalata ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Ku Malawi, gawo 31 la lamulo loona za kulembana ntchito la chaka cha 2000 limati munthu akasiya kapena kuchotsedwa ntchito, n'kupempha, omulemba ayenera kumupatsa setifiketi. Setifiketiyo imatchula dzina ndi adilesi ya olemba ntchito, mtundu wa bizinesi yawo, nthawi imene munthuyo wagwira mosalekeza, udindo wake pochoka, ndi malipiro amene ankalandira pa tsiku lochokalo. Chifukwa chochokera chimalembedwa pokhapokha mwiniwake akapempha, ndipo setifiketiyo siweruza kagwiridwe kake ka ntchito ngati iye sadafune. Kalata ya umboni ndi yosiyana. Iyo imaweruza. Imanena kuti munthuyu ntchito ankaitha motani, ndiponso ngati wolembayo angalimbikitse ena kuti amulembe. N'chifukwa chake mawu ake amafuna kusamalidwa koposa a setifiketi.

Ntchitoyi imaoneka bwino pa chitsanzo chongoyerekeza. Mayi wina, amene pano atchedwa Mayi Uje, ankagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu pa nthambi ina ya kampani yogulitsa feteleza ndi mbewu. Tsopano akufunsira ntchito yoyang'anira nyumba yosungiramo chimanga ku bungwe lina, ndipo apempha manijala wawo wakale kuti awachitire umboni. Manijala wapereka kapepala kolembedwa motere:

"Anayamba 2018 kapena 2019, anachoka Juni 2024. Kalaliki, kenako supavaiza. Wokhulupirika, sanabepo. Feteleza anasiya kusowa. Ankachedwa nthawi ina, mwana ankadwala. Anakanganapo ndi dalaivala. Kompyuta amaidziwa. Ndi wofatsa, alibe vuto. Ndingamulembenso."

Timanotsi totere timasakaniza zinthu zitatu. Muli mfundo zimene zingatsimikizidwe m'mafayilo, monga masiku ndi maudindo. Muli maganizo a bwana, amene mwini wake ndi iye yekha, ndipo amafuna chitsanzo kuti akhale ndi mphamvu. Mulinso nkhani zimene bwana wangozikumbukira, zomwe siziyenera kulowa m'kalata. Mlembi amayamba ndi kuzilekanitsa.

Zosavuta ndi za masiku, koma ndi zimene zimaononga makalata ambiri. Mawu akuti "2018 kapena 2019" sangathetsedwe mwa kusankha chaka chooneka bwino. Yankho lili m'fayilo ya munthuyo, m'kalata yomulemba ntchito, kalata yomukweza ndi kalata yotsanzika. M'chitsanzochi fayilo ikuonetsa kuti Mayi Uje adayamba ngati kalaliki wa katundu pa 1 Malichi 2019, adakwezedwa kukhala woyang'anira nyumba yosungiramo katundu pa 1 Julaye 2021, ndipo adasiya okha atapereka notisi, tsiku lomaliza kukhala 30 Juni 2024. Zonse pamodzi ndi zaka zisanu ndi miyezi inayi. Olemba ntchito atsopano amaika kalatayi pambali pa sivii ya munthuyo, ndipo masiku akasiyana, amene amakayikiridwa si manijala woiwala uja koma mayi wofunsira ntchitoyo.

Fayilo yomweyo ingaulule china chimene timanotsi sitidanene. Manijalayu adafika pa nthambiyi mu Januwale 2020, Mayi Uje atagwira kale miyezi khumi. Choncho kalata singanene kuti wawayang'anira nthawi yonse imene adali pa kampaniyo. Inene kuti adagwira ntchito kuyambira 2019, ndipo wolembayo adawayang'anira kwa zaka zinayi ndi theka. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma ndiko kumauza wowerenga pamene pathera zimene mboni idaona ndi maso ake, ndi pamene payambira zimene ikungowerenga m'mabuku.

Mawu akuti "wokhulupirika, sanabepo" ndi amene mlembi wongoyamba amathamangira kuwakongoletsa. Amalemba kuti mayiyu ndi wokhulupirika kwambiri, wolimbikira, wodzipereka, wa khalidwe labwino, n'kumaona ngati wawathandiza. Koma mawu amenewa amapezeka m'kalata iliyonse ya umboni, ndipo wowerenga amene waona makalata makumi angapo amawadumpha. Ndiponso palibe munthu angachitire umboni kuti mnzake sadabepo. Chimene manijala angaime nacho n'chakuti pa kuwerengera katundu kwa mwezi ndi mwezi, m'zaka zimene adawayang'anira, sipadapezeke katundu wosowa amene mlandu wake udagwera mayiwo, ndipo kampani idawasungitsa makiyi a nyumba yonse kwa zaka zitatu. Kusungitsidwa makiyi kumanena za kukhulupirika koposa liwu lakuti "kwambiri".

Pamene pali chuma cha kalatayi ndi pa mzere wakuti "feteleza anasiya kusowa", ndipo mpamene mlembi ayenera kukhalitsapo. Funso ndi lakuti: kusowako kudatsika kuchoka pati kufika pati, nanga mayiwo adachitapo chiyani? Malipoti a kuwerengera katundu akuonetsa kuti m'nyengo ya ulimi ya 2020/21, iwo asadakwezedwe, padasowa matumba 41 a makilogalamu 50. Nyengo yotsatira adasowa 12, kenako 6, ndipo m'nyengo ya 2023/24 adasowa 5. Apa pali zinthu ziwiri zooneka nthawi yomweyo. Feteleza sadasiye kusowa monga akunenera manijala, kudangochepa kwambiri, ndipo kalata iyenera kutsata malipoti osati chikumbukiro. Chachiwiri, manambalawa paokha angathe kunamiza. Ngati katundu wodutsa m'nyumbamo adatsika ndi theka m'zaka zimenezo, kuchepa kwa matumba osowa sikudabwitsa. Mlembi aone mzere wa katundu wolowa. Akapeza kuti nyengo iliyonse munkadutsa matumba pafupifupi 6,000, ndiye kuti kuchoka pa 41 kufika pa 5 ndi kusintha kwenikweni.

Chotsala ndi kudziwa chimene chidabweretsa kusinthako, ndipo ichi sichipezeka m'mafayilo. Mlembi abwerere kwa manijala ndi mafunso ochepa, olembedwa kale, oti ayankhidwe m'mphindi zisanu. Kufunsa kuti "Bwana, mungandiuzeko zambiri za mayiwa?" kumangobweretsanso mawu aja akuti ndi munthu wabwino. Funso lothandiza ndi lolunjika: "Bwana, pamene mwalemba za fetelezapa, mayiwa adasintha chiyani pa kalandiridwe ka katundu? Nanga mkangano ndi dalaivala uja udayamba bwanji?"

M'chitsanzochi mayankho a mafunso awiriwa akukumana pamodzi. Mayi Uje atakwezedwa adakhazikitsa lamulo lakuti lole iliyonse iziwerengedwa ndi anthu awiri pamene ikutsitsidwa, ndipo chikalata chobwera ndi katundu chisasayinidwe mpaka manambala a awiriwo agwirizane, dalaivala asadachoke. Mkangano uja udabuka tsiku limene chikalata chinkati matumba 300 koma otsitsidwa adali 292. Dalaivala adafuna kuti mayiwo asayine kaye, zotsalazo zikambidwe mawa, ndipo iwo adakana. Mzere umene unkaoneka ngati chilema wasanduka umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse pa kapepalapo. Mlembi amene akadangoufufuta poganiza kuti ndi nkhani yoipa akadataya chinthu chimene bungwe losunga chimanga likufunitsitsa kumva. Amene akadaukopera mmene uliri akadapatsa mayiwo mbiri ya munthu wa ndewu. Onse awiri akadalakwa chifukwa chosafunsa.

Ngakhale apa pali malire. Mwina chaka chomwecho kampani idamanganso mpanda kapena kuonjezera mlonda, ndipo zimenezi zidathandizanso kuti katundu asamasowe. Kalata yoona imatchula chimene munthuyo adachita, n'kutchula manambala, osanena kuti iye yekha ndiye adathetsa vutolo. Komanso manambala a katundu ndi a kampani, ndiye manijala ndi amene anene ngati angatuluke kunja. Akakana, kalata inganene kuti kusowa kwa katundu kudachepa chaka ndi chaka m'nyengo zitatu zotsatizana, ndipo manambala akhale m'fayilo podikira amene angaimbe foni kufunsa.

Mzere wa kuchedwa uli ndi mbali ziwiri. Matenda a mwana salowa m'kalata ngakhale pang'ono, ngakhale cholinga chitakhala chowaikira kumbuyo mayiwo. Za umoyo wa munthu kapena wa abale ake, za banja, za mimba, za chipembedzo ndi za chipani ndi zake, ndipo kuzitchula kumapatsa wowerenga chifukwa chomusalira chimene sadafunse. Kuchedwako kumayesedwa ndi fayilo. Ngati mulibe kalata ya chenjezo, ndipo manijala akuti zidachitika kwa miyezi iwiri mu 2022 n'kutha, nkhaniyi siikwanira kuimira zaka zisanu, ndipo isiyidwe. Koma kusiya n'kosiyana ndi kunama. Mlembi asatembenuze mzerewu n'kulemba kuti mayiwo sankachedwa ngakhale tsiku limodzi. Mabungwe ena amatumiza fomu yokhala ndi funso lolunjika pa kasungidwe ka nthawi, ndipo pamenepo manijala ayankhe zoona: padali kanthawi kochepa ka kuchedwa, kadatha, sipadaperekedwe chenjezo.

Nkhani imakhala ina pamene cholakwa n'chachikulu ndipo chikukhudza ntchito imene munthuyo akufunsira. Ngati fayilo ikuonetsa kuti munthu adazengedwa mlandu wa ndalama pa ntchito n'kupezeka wolakwa, kalata yomutamanda kwa ofuna kumusungitsa ndalama ingakhale yosocheretsa ngakhale chiganizo chilichonse paokha chitakhala choona. Pamenepo mlembi asayese kubisa ndi mawu osalala. Abweze nkhaniyo kwa manijala, amene angasankhe kupereka setifiketi yokha ija, kapena kumuuza munthuyo maso ndi maso kuti umboni umene akuufuna sangaupereke. Mbali inayo n'njoopsanso. Mphekesera, kapena mlandu umene sudafufuzidwe mpaka pamapeto, zikalembedwa ngati zoona zingamutsekere munthu makomo. Mu 1994, pa mlandu wa Spring ndi kampani ya inshulansi ya Guardian Assurance, khothi lalikulu kwambiri la ku Britain pa nthawiyo lidagamula kuti olemba ntchito amene apereka umboni ali ndi udindo wosamala pokonza umboniwo, ndipo angalipitsidwe ngati kusasamala kwawo kwamutayitsa munthu mwayi wa ntchito. Chigamulocho n'chakunja, koma chimaonetsa pamene pagona vuto: wolemba angakhulupirire ndi mtima wonse zimene walemba, n'kulakwabe chifukwa sadatsegule fayilo.

"Kompyuta amaidziwa" ndi mzere wofuna funso limodzi lokha: ankachita nayo chiyani? Ngati yankho n'lakuti ankalowetsa katundu wolowa ndi wotuluka mu Excel n'kutulutsa lipoti la mwezi, kalata inene zomwezo. Kulemba kuti ndi katswiri wa makompyuta kungawaike mayiwo pa manyazi tsiku la mayeso.

Chovuta mobisika ndi mzere wakuti "ndi wofatsa, alibe vuto". Pakamwa pa bwana wa Chichewa mawu amenewa ndi chitamando chachikulu. Wofatsa ndi munthu waulemu, wosapupuluma, wokhala bwino ndi anzake, ndipo "alibe vuto" amatanthauza kuti munthuyo ungamusiyire ntchito n'kugona tulo. Koma makalata a maofesi ambiri ku Malawi amalembedwa m'Chingerezi, pamene timanotsi timabwera m'Chichewa kapena mosakaniza. Mawuwa akangosamutsidwa limodzilimodzi, wofatsa amamveka ngati wamantha, wosatha kulamula anthu, ndipo "alibe vuto" amamveka ngati bwana wasowa chabwino chonena. Kwa munthu wofunsira udindo woyang'anira anzake, zimenezi n'zomupweteka. Mlembi asamutse tanthauzo, osati mawu. Apa tanthauzo n'lakuti mayiwo ankayang'anira anthu popanda kukalipa, ndipo ankaima nganganga pa malamulo a katundu mwaulemu. Nkhani ya matumba 292 ija ikuonetsa kale kuti kufatsako sikudali mantha.

Mzere womaliza, "ndingamulembenso", ndi wolemera kuposa yonse, chifukwa ndi funso limene olemba ntchito amakonda kufunsa pa foni. Mlembi sangaupeke ngati palibe pa kapepala, ndipo ngati ulipo asauiwale.

Zonse zikasefedwa, kalata imakwana tsamba limodzi. Imalembedwa ngati akulankhula ndi manijala mwini, pa pepala lokhala ndi dzina ndi adilesi ya kampani, ili ndi tsiku. Ngati dzina la bungwe ndi udindo wofunsiridwa zikudziwika, ipite kwa iwowo mwachindunji, chifukwa kalata yopita kwa aliyense amene angaiwerenge imakhala yofooka. Thunthu lake m'chitsanzochi lingakhale lotere:

"Ndikulemba kuchitira umboni Mayi Uje, amene afunsira udindo woyang'anira nyumba yosungiramo chimanga ku bungwe lanu. Mayiwa adagwira ntchito pa kampani yathu kuyambira pa 1 Malichi 2019 mpaka pa 30 Juni 2024, poyamba ngati kalaliki wa katundu, ndipo kuyambira pa 1 Julaye 2021 ngati woyang'anira nyumba yosungiramo katundu. Ine ndidawayang'anira kuyambira mu Januwale 2020 mpaka pamene adasiya ntchito mwa kufuna kwawo, atapereka notisi.

"Atalandira udindo woyang'anira, adakhazikitsa dongosolo lakuti lole iliyonse iziwerengedwa ndi anthu awiri, ndipo chikalata cha katundu chizisayinidwa manambala akagwirizana. Dongosololi adalisunga ngakhale pamene ena ankawakakamiza kusayina mofulumira. Tsiku lina adakana kusayinira matumba 300 pamene otsitsidwa adali 292. Pa matumba a feteleza pafupifupi 6,000 amene ankadutsa m'nyumbamo nyengo iliyonse, osowa adatsika kuchoka pa 41 m'nyengo ya 2020/21 kufika pa 5 m'nyengo ya 2023/24. Kwa zaka zitatu adasunga makiyi a nyumbayo, ndipo pa kuwerengera kwa mwezi ndi mwezi sipadapezeke katundu wosowa amene mlandu wake udagwera iwo.

"Kaundula wa katundu ankamusunga mu Excel, ndipo ankapereka lipoti mwezi uliwonse. Ndi munthu waulemu, amene ankatsogolera anzake popanda kukalipa. Mpata utapezeka, ndingawalembenso ntchito. Ngati pali china chimene mungafune kudziwa, mungandipeze pa nambala ya ofesi ili pamwambayi."

Poyerekeza ndi kapepala kaja, kalatayi yatalika, koma mulibe mfundo imene siyachokera m'fayilo, m'malipoti kapena pakamwa pa manijala. Umu ndi mmene mlembi amayesera ntchito yake: amatenga chiganizo chilichonse n'kudzifunsa kuti chachokera kuti. Chimene chasowa kochokera ndi chimene iye waonjezera. Kawirikawiri chimakhala chiganizo chokoma, monga chakuti mayiwo ankakondedwa ndi makasitomala onse, pamene manijala sadanenepo kanthu za makasitomala. Zoterezi zimaululika pamene bungwe laimba foni n'kufunsa chitsanzo, manijala n'kuyamba kudodoma pa nkhani imene wasayinira yekha. Akatero, ngakhale mfundo zoona za m'kalatamo zimayamba kukayikitsa. Vuto lina lodziwika limabwera pamene mlembi watenga kalata yakale ya munthu wina pa kompyuta n'kungosintha dzina. Pena pamatsala udindo wa munthu woyambayo, pena liwu lakuti "bambo" m'kalata ya mayi, ndipo wowerenga amazindikira msanga kuti palibe amene adakhala pansi kumuganizira munthu ameneyu.

Kalata yoyamba ipite kwa manijala ngati yongoyeserera, isadasindikizidwe pa pepala la kampani. Ndi bwino kuti mlembi aikepo zizindikiro pamene wasintha zimene zidali pa kapepala: kuti chaka choyambira ndi 2019 malinga ndi fayilo, kuti "anasiya kusowa" wasanduka manambala, kuti za kuchedwa ndi za mwana zasiyidwa dala. Manijala wotanganidwa amakonda kusayina osawerenga, ndipo zizindikirozi zimamukokera maso pamalo pamene chisankho n'chake. Akafuna kubwezeramo kanthu kapena kuchotsa, kalata ndi yake. Mlembi sasayina m'malo mwake, ndipo manijala akakhala kuti adachoka pa kampaniyo, sangagwiritsenso ntchito pepala ndi chidindo cha kumeneko. Alembe m'dzina lake, natchule udindo umene adali nawo pa nthawi imene ankamuyang'anira munthuyo.

Ikasayinidwa ndi kudindidwa, kalata imapita mwa njira imene bungwe lidapempha: kwa mwiniwake kuti akapereke yekha, kapena mwachindunji m'envulopu yomata kapena pa imelo ya ofesi. Kope limodzi limatsala m'fayilo ya munthuyo pamodzi ndi kapepala ka manijala ndi masamba a malipoti amene manambala adatengedwamo, kuti foni yotsimikizira ikabwera patapita miyezi, woyankha athe kutsegula fayilo n'kupeza pamene padachokera matumba 41 ndi matumba 5 aja.